“Gasi watha” si uthenga: momwe mungalembere mmisiri wa firiji

Firiji ikasiya kuziziritsa, ambiri timatenga foni n’kulemba mawu ochepa: “Amisiri, firiji yafa, gasi watha, bwerani.” Uthengawu ukumveka ngati wathandiza, koma mmisiri sanauzidwe chilichonse chimene angayambirepo. Sakudziwa ngati firijiyo ikulira kapena yangoti zii, sakudziwa mtundu wa gasi amene ili naye, ndipo mawu oti “gasi watha” ndi maganizo chabe a mwini firiji, amene nthawi zina amakhala olondola ndipo nthawi zina ayi.

Kuno ku Malindi nkhaniyi ili ndi mtengo wake. Tiyerekeze kuti mmisiri amene mukumudziwa ali ku Mangochi pa boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kuno. Akwere kabaza wa njinga yamoto, awoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo akafika apeze kuti kachipangizo kofunikirako sanatenge. Ndiye kuti abwerera, ndalama ya thiransipoti yalowa kawiri, tsiku lapita, ndipo m’nyengo ya Okutobala chambo chimene chili m’firijimo sichidikira munthu.

Lero tiphunzire kulemba uthenga ngati lipoti la mu labu. Lamulo lake ndi lomwe mumaphunzira mu Fizikisi ndi Kemisitiri: lembani zimene mwaona, mwamva ndi kuyeza, ndipo musazisakanize ndi zimene mukuganiza. Koma kuti mudziwe choti muone, tiyambe taona mmene firiji imagwirira ntchito.

Firiji siipanga kuzizira, imasamutsa kutentha

Mukatuluka m’nyanja kamphepo n’kukuwombani, mumamva kuzizidwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Chifukwa chake n’chakuti madzi amene ali pakhungu akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kwa thupi lanu. Firiji imagwiritsa ntchito nzeru yomweyi, kungoti m’malo mwa madzi muli mankhwala amene amawira pamalo pozizira kwambiri. Ndi amene tonse timangowatchula kuti gasi. Madzi amawira pa 100 °C, pamene gasi wotchedwa R134a amawira pa −26 °C, ndipo R600a amawira pa −12 °C, tikayeza popanda kuwapanikiza.

Gasiyu amayenda m’mapaipi mozungulira, n’kumadutsa malo anayi. Woyamba ndi kompuresa, chitsulo chakuda chooneka ngati mphika wovindikira chimene chili pansi kumbuyo. Mkati mwake muli mota ndi pampu, ndipo ntchito yake ndi kupanikiza gasi. Gasi akapanikizidwa amatentha, monga mmene pampu ya njinga imatenthera mukapopa kwambiri. Kenako amalowa mu kondensa, mapaipi aja okhotakhota a kumbuyo, mmene amatayira kutentha kwake kumpweya wa m’chipinda n’kusanduka ngati madzi. Mafiriji ambiri atsopano ndi madipufiriza ali ndi kondensa yobisika mkati mwa makoma, n’chifukwa chake m’mbali mwake mumafunda. Kuchoka apo gasi amadutsa m’kapaipi kowonda kwambiri, n’kutulukira mu evaporeta, mapaipi a mkati mmene mumachita ayisi. M’menemo samapanikizikanso, ndiye amawira, n’kuyamwa kutentha kwa nsomba, madzi ndi zonse zimene mwaikamo. Kompuresa imamukokanso, ulendo n’kuyambiranso.

Pamenepa gwirani mfundo ziwiri. Yoyamba: firiji yabwinobwino imakhala yozizira mkati, yofunda kumbuyo. Ngati kumbuyo sikukufunda, ndiye kuti kutentha sikukusamutsidwa. Yachiwiri: mapaipiwa ndi otsekedwa, gasi yemweyo amangozungulira zaka ndi zaka. Sapsa ngati gasi wophikira ndipo satha ngati mayunitsi a magetsi. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Mmisiri akangothiramo wina osapeza bowolo, pakapita nthawi mudzamuitananso.

Palinso tizipangizo titatu tamagetsi toyenera kutidziwa. Themositati ndi kamene kamayeza kuzizira, n’kumazimitsa ndi kuyatsa kompuresa. Rile ndi kamene kamathandiza mota kuyamba kuzungulira, ngati munthu wokankha galimoto kuti ilire, ndipo mota ikangoyamba kamasiya. Ovalodi ndi mlonda: mota ikakoka magetsi ochuluka kapena ikatentha kwambiri, kamadula magetsiwo. Mkati mwake muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatikizana, kaja mumaphunzira pa mutu wa kufutukuka kwa zitsulo. Kakatentha kamapindika n’kudula magetsi, ndipo mumamva “tiki”. Kakazizira kamabwerera m’malo mwake.

Mphindi 30 zoonetsetsa musanalembe

Musanalembe uthenga, khalani pafupi ndi firijiyo mphindi 30 muli ndi kope ndi wotchi ya pafoni. Pali mafunso anayi oti muyankhe, ndipo palibe limene likufuna kuti mumasule chinthu.

Funso loyamba: kodi magetsi akufika? Tsegulani chitseko muone ngati babu la mkati likuyaka. Pa dipufiriza onani timagetsi ta kutsogolo. Ngati palibe chikuyaka, lumikizani tchaja ya foni kapena wailesi pa soketi yomweyo. Tchaja ikakana, vuto lili pa soketi kapena pa waya wa m’nyumba, ndipo wofunika ndi mmisiri wa magetsi, osati wa firiji. Tchaja ikagwira ntchito, n’kutheka kuti yapsa ndi fyuzi ya mu pulagi. Ngati muli ndi kachipangizo koteteza firiji kaja kolumikiza pa soketi, kumbukirani kuti kamadikira mphindi zingapo magetsi akangobwera kumene. Musathamangire kunena kuti firiji yafa kachipangizoko kakuwerengabe mphindi zake.

Funso lachiwiri: kodi kompuresa ikutani? Ili ndiye funso lalikulu, ndipo mayankho ake ndi atatu. Mwina yangoti zii mphindi 30 zonsezo. Mwina ikulira osalekeza. Kapena ikuchita “mmmm” masekondi ochepa, kenako “tiki”, n’kukhala chete, n’kubwerezanso pakapita mphindi zingapo. Apa musalembe kuti “ikuchita phokoso”. Lembani masekondi ndi mphindi. Firiji yabwino nayo imalira n’kupuma, koma imalira mphindi zambiri isanapume. Yolira masekondi asanu okha ndiye kuti mota sinayambe n’komwe kuzungulira.

Funso lachitatu: kodi pakutentha ndi pati? Yandikizani kuseri kwa dzanja louma pa kondensa kapena pa khoma la m’mbali, kenako pamwamba pa kompuresa. Samalani, kompuresa itha kukuwotchani, ndipo musayandikire kabokosi ka mawaya kamene kali pambali pake. Ngati mwamvapo kugwedeza kwa magetsi pachitsulo chilichonse, zimitsani pa soketi nthawi yomweyo, zulani pulagi, ndipo chimenecho chikhale chiganizo choyamba mu uthenga wanu.

Funso lachinayi: kodi mkati mukuzizira bwanji, ndipo ayisi ali pati? Mbali ya zakudya wamba iyenera kukhala pa 5 °C kapena kutsikirapo pang’ono, pamene firiza iyenera kufika −18 °C. Ngati muli ndi themomita, iikeni m’kapu ya madzi imene yakhalamo kwa maola angapo, chifukwa mpweya umasintha msanga mukatsegula chitseko pamene madzi sasintha msanga. Ngati mulibe, ikani theka la kapu ya madzi mu firiza, lembani nthawi, ndipo mudzaone ngati auma pakatha maola anayi. Onaninso mmene ayisi wayalira. Kodi wakuta paliponse mofanana, kapena ali pakona imodzi yokha?

Zimene mmisiri amawerenga m’mayankho anu

Chizindikiro chimodzi pachokha sichinena zambiri. Koma zikaphatikizana zimaloza mbali imodzi, ndipo mmisiri amadziwa choti anyamule.

Ngati babu likuyaka koma kompuresa ili chete ndipo ndi yozizira, ndiye kuti magetsi akufika pa firiji koma sakufika pa mota. Wokayikiridwa woyamba ndi themositati. Musanalembe, onani ngati mwana sanapotoze kakonono kake n’kukafikitsa pa 0.

Ngati ikuchita “mmmm, tiki” mobwerezabwereza, kompuresa yotentha koma kondensa yozizira, ndiye kuti mota ikuyesa kuyamba koma ikulephera, ndipo ovalodi ikuidula. Zifukwa zodziwika ndi zitatu: rile yapsa, magetsi ndi ofooka, kapena kompuresa yeniyeniyo yawonongeka.

Ngati kompuresa ikulira osapuma, kondensa osafunda, ayisi ali pakona imodzi kapena palibiretu, apa ndiye nkhani ya gasi yalowa. Mwina wathawa pabowo, mwina kapaipi kowonda kaja katsekeka, mwinanso pampu ya mu kompuresa yatha mphamvu. Onani ngati pali mafuta odontha polumikizira mapaipi, chifukwa gasi akamathawa amatuluka ndi mafuta pang’ono a mu kompuresa.

Ngati ikulira osapuma, kondensa yotentha kwambiri, ndipo mkati mukuzizira koma mosakwanira, ndiye kuti gasi akuzungulira, kungoti kutentha kukulowa kochuluka kapena kukulephera kutuluka. Yesani labala wa pachitseko: panikizani pepala la m’kope pachitseko n’kulikoka. Likatuluka mosavuta, mpweya wotentha ukulowera pamenepo. Chitani izi mbali zonse zinayi. Onaninso fumbi pa kondensa, ndi mpata pakati pa firiji ndi khoma. Kondensa imataya kutentha pokhapokha ikakhala yotentha kuposa mpweya woizungulira. Mu golosale ya malata yopanda siling’i, masana a Novembala kuno kunyanja, mpweyawo umakhala wotentha kale, ndiye firiji yoguna khoma imavutika ngakhale ilibe chowonongeka.

Pa mafiriji aja osachita ayisi m’makoma, amene ali ndi fani mkati, pali vuto lina lawolawo: firiza ikuzizira koma mbali ya zakudya wamba ikufunda. Kawirikawiri ndiye kuti fani yaima, kapena ayisi watseka njira ya mpweya chifukwa hita yosungunula ayisiyo yasiya kugwira ntchito. Uzani mmisiri ngati mukuimva faniyo kapena ayi.

Taonani kusiyana kwa katundu. Pa vuto la rile, mmisiri akufunika mita yoyezera magetsi, sikuludiraiva ndi rile yatsopano, zonse zokwana m’kachikwama. Pa vuto la gasi akufunika silinda ya gasi, mageji, pampu yokokera mpweya m’mapaipi ndi zowotcherera. Pa njinga yamoto, awa ndi maulendo awiri osiyana.

Chifukwa chake mbiri ya magetsi ndi yofunika

Magetsi a ESCOM a m’nyumba amayenera kukhala 230 V. Akatsika, mota ya kompuresa imavutika kuposa mmene mungaganizire, chifukwa mphamvu yake yoyambira kuzungulira imayenderana ndi sikweya ya volteji. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti magetsi atsika kufika 184 V.

184 ÷ 230 = 0.8

0.8 × 0.8 = 0.64

Volteji yatsika ndi 20 pa 100, koma mphamvu yoyambira yatsika ndi 36 pa 100. Mota ikalephera kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa a masiku onse, imatentha, ndipo ovalodi imaidula. Ndiye firiji yopanda vuto lililonse ikhoza kuchita “mmmm, tiki” madzulo mababu akamayaka mofooka, m’mawa n’kugwira ntchito bwinobwino. Zofananazi zimachitika ikamalumikizidwa ku jenereta kapena inveta ya sola yochepa mphamvu, kapena pa ekisitenshoni yaitali ya waya wowonda.

Chinanso ndi magetsi ongothima n’kuyakanso nthawi yomweyo. Kompuresa ikangozima, gasi wa mbali ya kondensa amakhala adakali wopanikizika, ndipo mota singathe kuyamba ikulimbana naye. Pamafunika mphindi zisanu kapena kuposerapo kuti kupanikizikako kufanane mbali zonse. N’chifukwa chake inunso mukazula pulagi, dikirani mphindi zosachepera zisanu musanaibwezeretse.

Choncho mu uthenga nenani gwero la magetsi anu, nenani ngati vutolo lidayamba magetsi atangobwera, ndipo nenani ngati limachitika nthawi zonse kapena madzulo okha.

Chitsanzo chathunthu: dipufiriza ya azakhali

Azakhali anga ali ndi golosale kuno ku Malindi, ndipo mu dipufiriza yawo amasunga chambo ndi kampango zogulitsa. Lachitatu lina magetsi adathima cha m’ma 10 koloko m’mawa, n’kubwera cha m’ma 4 koloko madzulo ali ofooka. Lachinayi m’mawa adapeza nsomba za pamwamba zayamba kufewa. Adandiitana n’kundipatsa foni yawo.

“Mwanangu, tamulembera mmisiri uja wa ku boma. Umuuze kuti gasi watha, abwere naye.”

“Azakhali, tandilolani ndiyambe ndaimvetsera kaye. Gasi mwamuona akutuluka?”

“Ayi, koma nanga ikasiya kuzizira si gasi ameneyo?”

“Mwina ndi iyeyo. Koma tiwauze amisiri zimene ikuchita, chigamulo apereke okha.”

Ndidakhala pamenepo kuyambira 7:00 mpaka 7:30. Kagetsi ka kutsogolo kankayaka. Kompuresa inkachita “mmmm” masekondi pafupifupi asanu, “tiki”, n’kukhala chete mphindi zitatu, ndipo idabwereza zimenezi kasanu ndi kanayi. Inali yotentha, koma makoma a m’mbali amene masiku onse amafunda anali ozizira. Mababu a m’golosale ankawala bwino m’mawawo. Ndidajambula kapepala komatidwa kumbuyo, ndidajambulanso kulirako mphindi zinayi kuti “tiki” amveke kawiri, kenako ndidazula pulagi. Uthenga udali uwu:

“Mwadzuka bwanji amisiri. Ndikulemba m’malo mwa azakhali anga a golosale ku Malindi. Dipufiriza yawo yasiya kuziziritsa. Ndi yotsegula pamwamba, ya zaka pafupifupi zisanu, gasi wake R600a, 60 g. Chithunzi cha kapepala kake ndatumiza.

“Vuto layamba dzulo Lachitatu. Magetsi a ESCOM adathima 10 koloko m’mawa, n’kubwera 4 koloko madzulo ali ofooka. Chibwerereni sinazizirenso. Kale inalibe vuto ndipo sinakonzedwepo.

“Kagetsi ka kutsogolo kakuyaka. Kompuresa ikulira masekondi 5, kenako tiki, n’kukhala chete mphindi 3. Yatero ka 9 pa mphindi 30 m’mawa uno, mababu akuwala bwino. Kompuresa ndi yotentha, makoma a m’mbali ndi ozizira. Mvetserani mawu amene ndajambulawo.

“Ili pa soketi yakeyake, yopanda ekisitenshoni. Sitinapale ayisi ndi mpeni, sitinaisunthe, ndipo sitinaone mafuta odontha. Pano ndazula pulagi.

“Muli nsomba zodzaza theka, za pamwamba zayamba kufewa. Mungabwere lero? Tiuzeni mtengo wa ulendo ndi wa kuyeza. Azakhali akhala pagolosale tsiku lonse, malo ake ndakutumizirani pa mapu.”

Onani kuti mu uthengawu mulibe mawu oti rile kapena gasi watha. Koma chiganizo chilichonse chikutseka khomo limodzi. Kagetsi koyaka kakuchotsa soketi ndi fyuzi. Kompuresa yoyesa kuyamba ikusonyeza kuti themositati ikutumiza magetsi. Mawu oti “mababu akuwala bwino” akuchepetsa kukayikira magetsi ofooka, ngakhale kuti diso si mita. Mawu oti vuto lidayamba mwadzidzidzi, popanda mpeni kapena mafuta, akuchepetsa kukayikira gasi, chifukwa kabowo kakang’ono kamafooketsa firiji pang’onopang’ono kwa masiku kapena masabata. Zatsala ziwiri: rile ndi kompuresa.

Mmisiri adayankha kuti pulagi ikhale yozula, ndipo adafika masana ndi kachikwama kokha. Adayeza pa soketi n’kupeza 228 V. Adachotsa rile n’kuigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo inkachita wayawaya ngati muli timiyala, chizindikiro choti kambale ka mkati mwake kasweka. Koma sadangoikapo yatsopano. Adayamba wayeza mawaya a mota pa timinga titatu ta kompuresa, totchedwa C, R ndi S. Kuchokera pa C kufika pa R adapeza 18 Ω, pa C kufika pa S adapeza 24 Ω, ndipo pa R kufika pa S adapeza 42 Ω. A Fomu 3 ndi 4 mwazindikira kale: 18 + 24 = 42, lamulo lija la marezisita olumikizidwa motsatizana. Manambalawa amasiyana malinga ndi kompuresa, koma awiri aang’onowo ayenera kukwana lalikululo. Adayezanso ngati mawayawo sakukhudza chitsulo cha kunja. Zonse zili bwino, adaika rile yatsopano, kompuresa idalira osadukiza, ndipo pasanathe mphindi 15 makoma adayamba kufunda. Gasi sadakhudzidwe n’komwe.

Malire a uthenga wabwino

Uthenga suyeza volteji ndipo suona mkati mwa kompuresa. Zizindikiro zomwe zija zikanatha kukhala za kompuresa yogwidwa mkati, imene mawaya ake amayezeka bwino koma pampu yake siizungulira. Zikanatero, rile yatsopano sikanathandiza, ndipo ntchito ikanakhala yaikulu ndi yodula. Chimene uthenga umachita ndi kuchepetsa zokayikira kuchoka pa zambiri kufika pa ziwiri kapena zitatu.

Dziwaninso kuti mafiriji ena atsopano, olembedwa kuti Inverter pachitseko, ali ndi kompuresa yosintha liwiro. Imatha kulira motsitsa kwa nthawi yaitali osapuma, ndipo limenelo si vuto. M’malo mwa rile ili ndi bolodi ya magetsi. Ngati yanu ndi yotero nenani, ndipo ngati pa sikirini yake pakuoneka zilembo kapena manambala achilendo, akopereni ndendende kapena ajambuleni.

Kapepala ka kumbuyo ndi zinthu zochititsa manyazi

Kapepala kaja kamakhala kumbuyo kapena mkati pakhoma la m’mbali. Pamalembedwa modelo, volteji, mtundu wa gasi ndi magalamu ake. Kajambuleni pafupi, powala, ndipo onetsetsani kuti manambala akuwerengeka musanatumize. Mtundu wa gasi ndi wofunika chifukwa magasiwa sasinthanitsidwa: kompuresa iliyonse ndi mafuta ake zidapangidwira gasi wake. Mafiriji akalekale ankagwiritsa ntchito R12, amene maiko adagwirizana zomusiya kudzera m’pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga mpweya wa ozoni. Adalowa m’malo ndi R134a, ndipo ambiri a masiku ano ali ndi R600a. Ameneyu amayaka moto. Mukamva “psss” kapena mukaboola paipi, zimitsani kandulo, chotsani mbaula pafupi, tsegulani mawindo ndi zitseko, ndipo musayatse kapena kuzimitsa switchi ya m’chipindamo mpaka mpweya utasinthana.

Chomaliza pa zolemba ndi chimene anthu amabisa. Ngati wina adapala ayisi ndi mpeni, nenani. Ngati firiji idanyamulidwa chogona pa lole n’kuyatsidwa itangofika, nenani, chifukwa ikagona mafuta a mu kompuresa amalowa m’mapaipi, ndipo imafunika kuima chilili maola angapo isanayatsidwe. Ngati mmisiri wina adaikonzapo kapena kuthiramo gasi, nenani liti. Mmisiri adzazipeza ndithu zimenezi, koma adzazipeza atataya ola lathunthu, mwinanso alibe zida zake.

Podikira mmisiri

Ngati ikuchita “mmmm, tiki”, zulani pulagi ndipo isiyeni choncho. Nthawi iliyonse imene mota ikuyesa n’kulephera mawaya ake amatentha, ndipo vuto la rile lingathe kupha kompuresa. Musatsegule chitseko pafupipafupi. Alangizi a zaukhondo wa zakudya amati firiji yosatsegulidwa imasunga zakudya maola pafupifupi 4, firiza yodzaza maola pafupifupi 48, yodzaza theka maola 24. M’nyengo yotentha kuno kunyanja musadalire kuti mufika pamenepo. Nsomba zimene zidakali zouma gwa zisamutsireni kwa aneba kapena m’bokosi la ayisi. Zimene zasungunuka koma zidakali zozizira ziphikidwe kapena kuwambidwa lero lomwe. Zimene zafunda kwa maola ambiri zitayidwe, ngakhale zisanayambe kununkha. Sunthani katundu wozungulira firijiyo kuti mmisiri akafika asayambe ndi kunyamula makireti.

Ntchito yanu sabata ino

Pezani firiji imene ikugwira bwino ntchito, ya kunyumba, ya aneba kapena ya pa golosale, mutapempha chilolezo. Lembani m’kope zinthu zinayi: mtundu wa gasi ndi magalamu ake, mphindi zimene kompuresa imalira ndi zimene imapuma pa ola limodzi m’mawa, muyeso womwewo cha m’ma 2 koloko masana, ndi malo amene pamafunda. Yerekezani manambala a m’mawa ndi a masana, ndipo fotokozani kusiyana kwake pogwiritsa ntchito zimene taphunzira za kondensa. Tsambalo lisungeni. Tsiku limene firijiyo idzavute mudzatha kulemba kuti, “Kale inkalira mphindi zakuti n’kupuma zakuti, pano ikulira ola lonse osapuma,” ndipo mmisiri adzakhala ndi poyambira asanakwere kabaza.